Zitatu za lero: kapepala ka m'mawa kokonzera tsiku

Anthu ambiri amene amalemba ntchito za tsiku amangokhuthulira papepala zonse zimene zili m'mutu. Pamalembedwa zinthu khumi, mwina khumi ndi zisanu: kugula ulusi, kulipira lendi, kuyimbira achimwene, kumaliza lipoti, kukaona wodwala kuchipatala. Dzuwa likamalowa amapeza kuti achita zinayi, ndipo zinayizo ndi zija zosavuta. Chinthu chimene chimawasowetsa tulo chidakali pomwepo. Mawa amachikoperanso patsamba latsopano, mkuja chimodzimodzi, mpaka kabukuko amakataya n'kunena kuti zolembalembazi n'zopanda ntchito.

Vuto la mndandanda woterewu n'loti mwini wake sanasankhepo kanthu. Wangokumbukira. Kapepala kamene ndikufuna kufotokoza pano n'kosiyana. Kali ndi zigawo zitatu zokha: nthawi zokhazikika zimene simungazisunthe, ntchito zitatu zofunika kwambiri lero, ndi chizolowezi chimodzi chimene mukufuna chikhazikike. Kamakwana pa theka la tsamba la kope, kamalembedwa m'mphindi zisanu kapena khumi, ndipo kamawerengedwa mphindi imodzi isanathe. Komabe kuti kagwire ntchito, zigawozi ziyenera kulembedwa motsatana bwino, ndipo payenera kukhala masamu pang'ono. Ambiri amalakwitsa pamenepa: amayamba ndi zimene akufuna kuchita asanawerenge maola amene ali nawo.

Tiyerekeze mayi wina, telala, amene ali ndi kashopu kake pafupi ndi msika mumzinda wa Blantyre. Ali ndi makina amagetsi, mtsikana mmodzi amene akuphunzira ntchito, komanso mwana wa chaka chimodzi. Ndi sabata yoti sukulu zatsala pang'ono kutsegulira, nthawi imene atelala amagwira njakata ndi mayunifolomu. Shopu amatsegula 7:30 m'mawa n'kutseka 5:30 madzulo, maola khumi. Lero ndi Lachiwiri, ndipo m'mutu mwake muli zinthu zokwana 11. Pali madiresi 12 a yunifolomu amene mwini wake adzatenge Lachisanu masana. Pali malaya a anyamata amene nsalu yake sinadulidwe. Pali anthu awiri amene anatenga zovala pa ngongole. Zipi zatha, makina akufunika mafuta, chikwangwani cha pakhomo chinafufutika, mwini nyumba akufuna akambirane za lendi, ndi zina zotero.

Yambani ndi zimene sizisuntha

Chinthu choyamba kulemba si ntchito zitatu zija ayi. Ndi nthawi zimene anthu ena akukudikirani, kapena zimene zakhazikitsidwa ndi ena. Kwa mayi wathuyu, lero ndi tsiku la sikelo ya mwana. Nthawi ya 12:30 kubwera kasitomala kudzayesa chovala cha ukwati. Nthawi ya 3:00 masana kuli msonkhano wa banki m'khonde, kumene wochedwa amalipira chindapusa.

Apa pali msampha umene ambiri timagweramo. Timalemba nthawi yoyambira yokha, ngati kuti msonkhano ulibe kutalika kwake, komanso ngati kuti tidzafikako mwa kungophethira. Sikelo yoyamba 8:00 sidya mphindi ya 8:00 yokha. Mayiyu ayenera kunyamuka 7:30, kuima pamzere, kuyezetsa mwana, kumusiya kwa agogo ake, kenako kukwera minibasi imene sinyamuka isanadzaze. Kushopu afika cha m'ma 10:30. Choncho sikelo yadya maola atatu athunthu. Banki m'khonde nayo ndi chimodzimodzi: anyamuka 2:30, abwerera 4:30, maola awiri. Pa kapepala, nthawi yoyenera kulembedwa ndi yonyamukira ndi yobwerera. Ngati mukutchera alamu pafoni, itchereni pa nthawi yonyamuka, chifukwa alamu yolira msonkhano utayamba kale imangokuuzani kuti mwachedwa.

Tsopano masamu. Sikelo maola atatu, banki m'khonde awiri, kasitomala theka la ola, chakudya cha masana theka la ola. Zonse pamodzi ndi maola asanu ndi limodzi. Pa maola khumi aja, patsala anayi okha, ndipo anayiwo sali pamodzi. Awiri ali pakati pa 10:30 ndi 12:30, limodzi pakati pa 1:30 ndi 2:30, lina pakati pa 4:30 ndi 5:30. Telala aliyense amadziwa kuti sayamba kudula asanayeze nsalu, ndipo mamita anayi odukaduka sasoka zimene angasoke mamita anayi athunthu. Maola a tsiku nawo ali choncho.

Palinso nthawi zina zokhazikika zimene sizioneka ngati msonkhano koma zimalamulira tsiku lonse. Ngati ndondomeko ya kuzima kwa magetsi ikusonyeza kuti dera lanu likhala lopanda magetsi kuyambira 1:00 masana, imeneyonso ilembeni m'chigawo chomwechi. Kwa telala wa makina amagetsi, mzere umodzi umenewu ukutanthauza kuti kusoka konse kwa lero kuyenera kukwana m'maola awiri a m'mawa aja. Kwa mlimi, nthawi yokhazikika ingakhale tsiku la msika kapena nthawi imene galimoto yonyamula mbewu ifike. Kwa wogwira ntchito mu ofesi, ingakhale nthawi imene banki imatseka, kapena nthawi imene bwana wofunika kusaina amachoka. Kwa amene amamwa mankhwala pa nthawi yake tsiku ndi tsiku, nthawi imeneyo ikhale pamwamba pa zonse.

Pa maola anayi otsalawo, ine ndimalangiza kuti limodzi lisalembedwe kanthu. Shopu ili pamsika, ndipo anthu amangofika: wina zipi ya thalauza yathothoka, wina akufuna kumva mtengo, wina ndi mnansi amene sangabwezedwe pakhomo osapatsidwa moni wokwanira. Zimenezi sizosokoneza ntchito, ndi gawo la ntchitoyo, ndipo zimabwera tsiku lililonse ngakhale sitidziwa kuti zibwera nthawi yanji. Tsiku lodzazidwa mpaka pakamwa limatayikira pa mlendo woyamba. Choncho maola enieni amene mayiyu angagawire ntchito zake zazikulu ndi atatu.

Kusankha zitatu pa khumi ndi chimodzi

Nambala ya 3 si lamulo lochokera kumwamba. Nkhani imene imakambidwa kwambiri pa zimenezi imanena za zinthu zisanu ndi chimodzi. Akuti m'chaka cha 1918, mlangizi wina wa ku America, Ivy Lee, anauza akuluakulu a kampani ya zitsulo ya Bethlehem Steel, imene mkulu wake anali Charles Schwab, kuti madzulo alionse azilemba zinthu zisanu ndi chimodzi zofunika kuchita mawa, aziyale motsatana ndi kufunika kwake, ndipo asayambe chachiwiri choyamba chisanathe. Nkhaniyo imati Schwab ataona zotsatira zake anamulipira madola 25,000. Chimene ndimatolamo ine ndi kuyala zinthu motsatana ndi kuika malire. Koma zisanu ndi chimodzi n'zochuluka kwa munthu amene alibe mlembi womutchingira alendo. Zitatu zimasungika m'mutu ngakhale pepala litatsala m'thumba la jekete, ndipo n'zochepa mokwanira kuti zikukakamizeni kusiya zina zimene mumazifuna ndithu.

Kusiyako ndiko kumawawa, ndiye pafunika njira yoyezera. Pa chinthu chilichonse, mayiyu adzifunse: chikapanda kuchitika lero, chichitike n'chiyani, ndipo kwa yani? Chikwangwani chofufutika chakhala choncho miyezi iwiri, ndipo chingathe kudikira Loweruka popanda wovulala. Nkhani ya lendi ndi yofunika, koma mwini nyumba anati mwezi usanathe. Madiresi aja ndi ena. Akapanda kuyambika lero, Lachisanu sakwana, ndipo kasitomala wa oda yaikulu sadzabweranso. Funso lachiwiri ndi lakuti: kodi pali wina amene ntchito yake yaima podikira ine? Mtsikana wophunzira uja amatha kusoka malaya koma sanayambe kudula. Nsalu ikapanda kudulidwa lero, mawa akhala manja lende tsiku lonse. Kudula kumeneku sikukuoneka kwachangu, palibe amene akukuwa, koma kukutsegulira ntchito ya munthu wina.

Dwight Eisenhower, ali mtsogoleri wa dziko la America, polankhula ku Evanston m'chaka cha 1954 anatchulapo za kusiyana kwa mavuto achangu ndi mavuto ofunika, ndipo maganizo amenewa anafala kwambiri kudzera m'buku la Stephen Covey la mu 1989. Zachangu zimadziitanira zokha: foni ikulira, munthu waima pakhomo. Zofunika zambiri zimakhala chete mpaka tsiku limene zasanduka ngozi. N'chifukwa chake ndimati mwa zitatuzo, chimodzi chikhale cha mtundu wachetewu. Zonse zitatu zikakhala zozimitsa moto, mawa mudzadzukiranso moto wina.

Chachitatu kwa mayiyu ndi chaching'ono pa nthawi koma cholemera pamtima: kuyimbira anthu awiri a ngongole aja. N'chinthu cha mphindi khumi, koma wakhala akuchizengereza sabata yonse chifukwa mmodzi mwa iwo ndi wa kumpingo kwawo, ndipo kukumbutsa ngongole munthu amene mumaimba naye kwaya n'kochititsa manyazi. Lero chili ndi chifukwa chake, pakuti ndalama imeneyo ndi imene akaponye ku banki m'khonde. Zinthu zozengerezedwa chifukwa cha manyazi kapena mantha zimayenera malo pa kapepalaka kuposa zimene timazikonda, popeza zokondedwazo zimachitika ngakhale zisanalembedwe.

Nanga zisanu ndi zitatu zotsalazo zipite kuti? Zisatayidwe, koma zisakhalenso pa tsamba la lero. Zilembedwe kumapeto kwa kope, pa mndandanda wa zodikira, umene umatsegulidwa kamodzi patsiku posankha za mawa. Zina zingaperekedwe kwa wina: zipi akagule mtsikana uja mayi ali ku sikelo. Zikakhala pa tsamba lomwelo ndi zitatu zija, diso limathamangira pa zosavuta, ndipo munthu amapezeka akuthira mafuta m'makina kwa theka la ola pamene madiresi akudikira ndipo magetsi atsala pang'ono kuzima.

Kalembedwe ka mzere uliwonse

Mzere wolembedwa kuti "mayunifolomu" suthandiza. Sukunena chochita, sukunena kuchuluka, ndipo madzulo simungadziwe ngati mwakwanitsa kapena ayi. Mzere wabwino uli ndi chochita, kuchuluka kwake, ndi nthawi imene chichitikire: kusoka madiresi anayi odulidwa kale, 10:30 mpaka 12:30. Ntchito imene singathe m'tsiku limodzi isalembedwe yonse. Lembani gawo la lero lokha. Madiresi 12 ndi ntchito ya sabata, pomwe madiresi anayi ndi ntchito ya Lachiwiri. Wa mu ofesi asalembe kuti "lipoti la pachaka", alembe kuti amaliza gawo la ndalama n'kulitumiza kwa wowerengera chuma nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Kenako ntchito iliyonse ikhazikidwe mu mpata umene ikukwanamo. Kusoka kukufuna magetsi ndi nthawi yosadukiza, ndiye kutenge maola awiri a m'mawa. Kudula nsalu kumangofuna tebulo, sizasi ndi kuwala kwa dzuwa, ndiye kupite pa ola la 1:30, magetsi atazima kale. Mafoni awiri aja ayimbidwe ali pamzere wa sikelo, kuti angongolewo akhale ndi nthawi yotumiza ndalama pafoni 2:30 isanakwane. Kapepala konse kakuoneka motere:

Lachiwiri
Zokhazikika: sikelo 7:30 mpaka 10:30, kuyesa chovala cha ukwati 12:30, magetsi azima 1:00, banki m'khonde kunyamuka 2:30, kubwerera 4:30.
1. Kusoka madiresi anayi, 10:30 mpaka 12:30.
2. Kudula malaya asanu ndi limodzi, 1:30 mpaka 2:30.
3. Kuyimbira angongole awiri, ndili pamzere wa sikelo.
Chizolowezi: ndikaphimba makina madzulo, ndilemba m'kabuku ndalama zalowa ndi zatuluka.

Ola la 4:30 mpaka 5:30 latsala lopanda kanthu mwadala.

Pa mzere woyambawo pali chiwerengero chofunika kuchikayikira. Mayiyu waganiza kuti diresi limodzi limamutengera theka la ola. Pafupifupi tonsefe timachepetsa nthawi imene ntchito idzatitengere, ngakhale ntchito imene taigwira kambirimbiri. Akatswiri a maganizo a anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analemba za khalidwe limeneli m'chaka cha 1979. Mu 1994, Roger Buehler ndi anzake ku Canada anafunsa ophunzira a kuyunivesite kuti anene masiku amene adzamalizire kulemba kafukufuku wawo womaliza. Ophunzirawo anati pafupifupi masiku 34. Atafunsidwa kuti nanga zonse zitasokonekera, anati pafupifupi masiku 49. Zoona zake zinawatengera masiku oposa 55, kupitirira ngakhale chiwerengero chawo cha zinthu zitavuta. Chifukwa chake n'chakuti poganizira ntchito timaona m'maganizo ikuyenda bwinobwino, osakumbukira kuti ulendo watha ulusi unaduka, singano inathyoka ndipo kasitomala anabwera pakatikati.

Mankhwala ake si kudzilimbitsa mtima. Ndi kulemba nthawi yeniyeni pambali pa nthawi yoganizira. Madzulo, pafupi ndi mzere uliwonse, lembani zimene zachitikadi. Pakatha sabata ziwiri kope lanu lidzakhala likudziwa liwiro lanu kuposa mmene mutu wanu ukulidziwira, ndipo muzidzatenga chiwerengero kuchokera mmenemo.

Chizolowezi chimodzi, ndi pochimangirira

Chigawo chomaliza n'chosiyana ndi zinzake. Ntchito zitatu zimasintha tsiku ndi tsiku, koma mzere wa chizolowezi umalembedwa chimodzimodzi kwa milungu yambiri. Cholinga chake n'chakuti tsiku lina usadzafunikenso kulembedwa.

Taonani mmene mayiyu walembera. Sananene kuti "ndizisamala ndalama", kapena "ndizilemba m'kabuku tsiku lililonse". Wamangirira chinthu chatsopanocho pa chinthu chimene amachita kale mosaphonya, kuphimba makina. Katswiri wa ku Germany, Peter Gollwitzer, anafotokoza m'chaka cha 1999 kuti anthu amene amakonzeratu kuti chakuti chikachitika ndichita chakuti, amakwaniritsa zolinga zawo kawirikawiri kuposa amene ali ndi cholinga chokha. Chimene chimachitika n'chakuti kukumbukira sikudaliranso mutu wotopa wa madzulo. Nsalu yophimbira makina ikangofika m'manja, yokha ikukumbutsa za kabuku. Kuti zitheke, kabukuko ndi cholembera zizikhala pamene pamakhala nsaluyo, osati m'chikwama kapena kunyumba.

Pomangirira pabwino ndi chinthu chochitika tsiku lililonse, pamalo amodzi, ndipo chooneka poyambira ndi pothera pake. "Madzulo" si pomangirira, chifukwa madzulo ndi aatali. "Ndikapeza mpata" ndiye kulibiretu. Kuthira madzi a tiyi, kutseka geti, kutsika minibasi pa siteji ya kuntchito, zimenezi zimagwira. Chizolowezicho chikhalenso chaching'ono moti n'kuchitika ngakhale pa tsiku loipa. Kulemba mizere iwiri ya ndalama kumatheka ngakhale mutu ukuwawa. Kuwerengera phindu la sabata yonse sikungatheke pa tsiku lotere, ndiye musakuike m'malo mwa chizolowezi.

Anthu amakonda kunena kuti chizolowezi chimakhazikika m'masiku 21. Kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake ku University College London, amene anatuluka m'chaka cha 2009, anapeza zosiyana. Anatsatira anthu 96 kwa milungu 12, aliyense atasankha chinthu chimodzi chatsopano chokhudza kudya, kumwa kapena kulimbitsa thupi. Nthawi yoti chinthucho chizichitika chokha, osachiganizira, inasiyana kwambiri, kuyambira masiku 18 mpaka 254, ndipo chapakati pake panali masiku 66. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunawononge kukhazikika kwa chizolowezicho. Zimenezi zikutiuza zinthu ziwiri za kapepala kathu. Mzere wa chizolowezi usasinthidwe pakangotha milungu itatu, upatseni miyezi iwiri kapena kuposerapo. Ndipo tsiku lophonya lingoikidwa kamzere, mawa n'kupitiriza, osayambiranso kuwerenga ngati kuti zonse zafufutika.

Chikhale chimodzi. Chiyeso chowonjezera chimabwera msanga, makamaka sabata yoyamba ikayenda bwino: munthu amafuna kuyambanso kuthamanga m'mawa, kuchepetsa shuga, kuwerenga Baibulo lonse. Benjamin Franklin, amene anali ndi mndandanda wa makhalidwe 13 ofuna kuwaphunzira, ankaika mtima pa limodzi sabata iliyonse m'malo molimbana nawo onse nthawi imodzi. Sabata imodzi ndi yochepa tikaona zimene Lally anapeza, koma nzeru yotenga chimodzi pa nthawi ndi yolondola. Mudzadziwa kuti chakhazikika mukadzapezeka mwalemba kale m'kabuku musanayang'ane pa kapepala, kapena mukadzamva kuti china chake chikusoweka tsiku limene simunalembe. Pamenepo mzerewo ndi womasuka kulandira chizolowezi china.

Liti, pati, ndipo ndi yani

Ngakhale timakatcha ka m'mawa, ndi bwino kukalemba madzulo, ntchito ikangotha, zonse zikadali m'mutu. M'mawa n'kungokawerenga ndi kukonza ngati usiku wabweretsa zatsopano. M'nyumba zambiri m'mawa mulibe mphindi khumi zabata: madzi osamba, phala la ana, nsapato yosowa. Ndipo kawerengedwe musanatsegule WhatsApp. Mukayamba ndi mauthenga, tsiku lanu layamba kale kukonzedwa ndi zofuna za anthu ena, ndipo zitatu zanu zikhala zotsalira.

Pa chifukwa chomwechi ine ndimakonda pepala kuposa foni. Foni imasunga bwino nthawi zokhazikika chifukwa imalira, koma kuti muone mndandanda muyenera kudutsa pa mauthenga onse, komanso batire imatha pa tsiku lomwe magetsi azima. Kope laling'ono lotsegula patebulo limaoneka nthawi zonse, ndipo masamba akale amakhalapo kuti muwabwerere.

Pamene pali ogwira ntchito awiri kapena atatu, kapepalaka kanenedwe mokweza, onse ataimirira, kwa mphindi ziwiri. Lero mayiyu afika mochedwa, ndiye amuuziratu mtsikana uja Lolemba madzulo: "Mwana wanga, mawa ndifika 10:30. Ukatsegula upite ukagule zipi, ukabwera uyale madiresi anayi aja pafupi ndi makina. Amayi a chovala cha ukwati akafulumira, uwapatse mpando andidikire." Mtsikanayo nayenso anene zake, ndipo ngati pali chomulepheretsa achitchule pomwepo. Nkhani yofuna kukambirana kwautali, monga ya malipiro, ipatsidwe nthawi yake ina. Ikalowa apa, mphindi ziwiri zisanduka theka la ola, ndipo pakatha sabata aliyense ayamba kuzemba.

Tsiku likasokonekera

Masiku ena kapepala kamafa 9 koloko isanakwane. Uthenga wa maliro wafika, mwana watentha thupi, abwana aitanitsa msonkhano wadzidzidzi. Zovuta za mnansi sizidikira madiresi, ndipo palibe kapepala kamene kayenera kuletsa munthu kukakhala pa siwa. Chofunika pa tsiku lotere ndi mphindi zitatu musananyamuke. Yang'anani nthawi zokhazikika, muyimbire amene akanakudikirani: kasitomala wa chovala cha ukwati auzidwe tsiku lina, ndalama ya banki m'khonde iperekedwe kwa mnzanu akakuponyereni. Kenako pa zitatu zija funsani kuti n'chiti chimene wina angachigwire inu kulibe. Apa ndi pamene kulemba momveka kumathandiza kwambiri, chifukwa mzere woti madiresi anayi odulidwa kale ungathe kusiyidwa m'manja mwa munthu wina, pamene mzere woti "mayunifolomu" sungasiyiridwe aliyense.

Koma si kulephera konse kumene kumachokera kunja, ndipo kope limaonetsa gwero lake mukabwerera masamba a sabata ziwiri. Ngati zitatu zonse zimatha 10 koloko isanakwane tsiku lililonse, ndiye kuti mukusankha zosavuta kuti musangalale ndi kuchonga, ndipo chinthu cholemera chabisala pa mndandanda wa zodikira. Ngati nambala 3 siichitika ndi kamodzi komwe, maola anu amakwana ziwiri, ndipo ndi bwino kulemba ziwiri pa masiku odzaza. Tsiku la maliro kapena la ulendo lingakhale ndi chimodzi chokha.

Chizindikiro chofunika kwambiri ndi mzere umene wakopedwa masiku atatu motsatizana. Usakopedwe kachinayi osafunsidwa. Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa izi: ntchitoyo ndi yaikulu ndipo sinagawidwe, kapena ikudikira chinthu chimene mulibe, kapena mukuiopa, kapena pansi pa mtima simukufuna kuichita n'komwe. Yaikulu igawidwe mpaka papezeke gawo la theka la ola. Yodikira chinthu ichoke pa zitatu, m'malo mwake palowe kupeza chinthucho, monga kugula nsalu kapena kutenga siginecha. Yoopedwa ipite pa nambala 1, ichitike m'mawa mtima usanayambe kupeza zifukwa. Yosafunidwa ifufutidwe, ndipo amene munamulonjeza auzidwe zoona.

Tibwerere ku shopu madzulo a Lachiwiri. Tinene kuti malaya adulidwa onse, mmodzi wa angongole watumiza ndalama ndipo winayo walonjeza Loweruka, ola lopanda kanthu lija ladyedwa ndi bambo wofuna kufupikitsa thalauza. Koma madiresi atha atatu, osati anayi. Pambali pa mzere woyamba mayiyu alemba kuti atatu m'maola awiri, kutanthauza mphindi 40 diresi limodzi, osati 30 zimene amaganiza. Atsala madiresi asanu ndi anayi, ndipo pa liwiro lenilenili akufuna maola asanu ndi limodzi a magetsi, pamene m'mutu mwake amawerengera kuti atsala asanu ndi atatu a maola anayi. Choncho Lachitatu ndi Lachinayi ayenera kupeza maola atatu osokera tsiku lililonse. Asanalembe kapepala ka mawa ayang'ana kaye ndondomeko ya magetsi. Ngati Lachitatu azima m'mawa, kusoka kupite masana ndipo zodula ndi zoika mabatani zibwere m'mawa. Ngati maola asanu ndi limodziwo sakupezeka m'masiku awiriwo, nambala 1 ya mawa ikhala kuyimbira mwini oda kuti asanu ndi atatu adzatenge Lachisanu, anayi otsalawo Loweruka m'mawa, kapena kupempha telala mnzake wa makina opalasa kuti amusokereko atatu.